Kuona maso a nkhono n'kudekha

Nkhono ukaigwedeza imabisala m'chigoba. Mkulu wa ofesi akalandira kalata yamwano amachitanso chimodzimodzi. Mlimi wa ku Sinda amene analipira gawo lake la FISP koma osalandira feteleza angalembe kuti, "Nonsenu ndinu mbava, chaka chilichonse mumatibera!" Mawu otere sapatsa wofufuza poyambira, ndipo kaundula akangosonyeza kuti chaka china analandira, mlandu wonse wafooka.

Kalatayo igone kaye. M'mawa afafanize chipongwe, ndipo dandaulo limene walibwereza katatu litsale kamodzi. Auze mkulu wa zaulimi m'bomalo tsiku limene analipira, nambala ya lisiti, dzina la gulu lake, matumba amene sanalandire ndi chimene akupempha. Pokaipereka, apemphe chidindo pa kalata inzake yosunga kunyumba.