Kodi kulipira ndiko kugula?

Mu 1889 mlenje wina wa ku Joni, dzina lake Willi Posselt, anakwera phiri la pa mabwinja a miyala a Zimbabwe, pafupi ndi Masvingo ya lero. Anapezako mbalame zinayi zosema ndi mwala, iliyonse ili pamwamba pa mzati wake. Atafuna kuzula imodzi, anthu a m'deralo amene anamuperekeza anakana mwaukali. Pambuyo pake anapereka mabulangete ndi tinthu tina, ndipo anamulola. Popeza mzati unali wolemera, anadula mbalameyo n'kusiya tsinde. Anakaigulitsa kwa Cecil Rhodes. Mbalame zina zimene zinatengedwa pambuyo pake zinabwezedwa ku Zimbabwe mu 1981, koma iyo inatsala m'nyumba ya Rhodes ku Kepu.

Posselt akanatha kunena kuti sanabe, pakuti mabulangete anapereka ndithu. Nanga n'cifukwa ciyani mtima wathu ukukana kuti mbalameyo inasanduka yake?

Yankho talidziwa kale kumudzi. Mbusa akagulitsa ng'ombe ya m'khola la amalume ake, wogula salandira umwini, ngakhale atalipira mtengo wonse pamaso pa mboni. Wagula mlandu. Munthu sangapatse mnzake cimene iye mwini alibe. Amene analandira mabulangete aja anali osunga malowo, sanali eni ake okha. Mbalamezo zinali za amene anazisema, za amoyo onse, ndi za ana amene anali asanabadwe.

Funso lomweli limafika kuno kumalire pamene wamalonda afunsa cigoba cakale ca Gule, ng'oma ya pabwalo kapena mphande ya mfumu. Pali zinthu za mitundu itatu, ndipo si bwino kuzisakaniza. Coyamba ndi cimene mmisiri wasema dzulo kuti agulitse. Ico n'cake, agulitse pa mtengo umene afuna. Caciwiri ndi cimene munthu amangosunga m'malo mwa mudzi, ca kudambwe kapena ca ufumu. Ico wosunga sangacigulitse yekha. Cacitatu ndi cofukulidwa pansi, monga mbiya, mikanda ndi zitsulo za m'mabwinja.

Pa cacitatuci lamulo la Mozambiki n'lomveka. Lamulo 10/88 la pa 22 Disembala 1988 limati malo ndi zinthu zakale zofukulidwa, pamodzi ndi zojambula za m'mapanga, ndi cuma ca Boma cosagulitsidwa. Wozipeza polima ayenera kudziwitsa akuluakulu a Boma. Limaletsanso kutulutsa m'dziko zinthu zimene zinalembedwa kuti n'zotetezedwa. Kudutsa nazo njira ya m'munda kupita ku Dedza ndi kutulutsa m'dziko comwe, ngakhale tsidya ilo kuli abale athu. Kunja nakonso, pangano la maiko la 1995 limati wopezeka ndi cinthu cobedwa acibweze, ndipo angapemphe cipepeso pokhapokha ataonetsa kuti anafunsitsa asanagule.

Koma lamulo silifika pena paliponse. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati cuma ca Mozambiki, Malawi ndi Zambia, komabe zimenezo sizinalembe m'buku cigoba ciliconse ca m'mudzi uliwonse. Cinthu cingatuluke popanda woletsa, koma n'kukhalabe colakwa. Apa mlonda ndi cikumbumtima.

Wogula woona mtima afunse mafunso atatu. Anapanga ndani? Cacoka kuti, ndipo liti? Ndani wina akudziwa kuti cikugulitsidwa? Funso lacitatuli ndilo limaulula zambiri. Wogulitsa akabwera usiku, akakana kuti mfumu ndi akulu a mwambo amve, kapena cinthuco cikaoneka ndi dothi lauwisi kapena bala latsopano podulidwa, ngati mbalame ya Posselt, dziwani kuti mwini wake sanavomere.

Ena adzati: «Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Caka ca njala, cigoba sicidyetsa ana. Ndipo kuno ciswe cidzacidya, pamene kwa azungu cidzasungika.» Mawu awa sitingawanyoze, pakuti njala si nthano. Mudzi ukakhala pansi, mfumu, akulu a mwambo ndi amayi omwe n'kugwirizana poyera kuti agulitse, ndipo lamulo likalola, ameneyo ndi malonda, ngakhale atipweteke mtima. Koma kawirikawiri ndalama imalowa m'thumba la munthu mmodzi, pamene kutaya n'kwa onse. Za ciswe nazo, eni ake ndiwo angaweruze ngati cinthu cawo cikalambire pa nchito yake kapena cisungidwe m'galasi. Kudziwa kusunga sikupatsa munthu cilolezo cotenga.

Conco mtengo ndi funso lomaliza. Loyamba ndi ili: amene akutambasula dzanja kulandira ndalama, ndani anamutuma?