Pemphero la banja lomwe mwana wake ali ku Joni

Pa mapemphero a m'miphakati ndi pa zopempha za Misa, si kawirikawiri kuti pasowe wina wopempherera m'bale wake amene ali ku Joni. Mawu ake amafanana pafupifupi kulikonse: Mulungu amuteteze, ndipo amupatse ntchito yokhazikika. Pemphero lotere limaoneka losavuta, koma lili ndi funso limene Mkhristu sayenera kulizemba. Ambiri mwa amene amapemphereredwawo akugwira ntchito popanda chilolezo cha boma la South Africa. Kodi banja likamapempha chitetezo, silikupempha Mulungu kuti athandize munthu kuzemba lamulo?

Funsoli limamveka bwino poona mmene ulendo umayendera. Mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amakwera basi, kutulukira pa Mwanza, kudutsa ku Tete ndi m'Zimbabwe, nakalowera pa Beitbridge. Pasipoti ya Malawi imamulola kukhala m'dzikomo masiku 30 ngati mlendo, koma osati kugwira ntchito. Iye amapeza ganyu yosamalira maluwa kapena yothandiza amisiri omanga, masiku aja amatha, ndipo kuyambira pamenepo amakhala wophwanya lamulo. Akagwidwa angathe kutsekeredwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Akabwerera yekha, pachipata amamulemba kuti ndi munthu wosafunika. Malinga ndi malamulo amene adayamba mu 2014, amene wapyola ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa zaka 5. Choncho kubwera kudzaona mkazi ndi ana kumatanthauza kutaya ntchito. Apa ndiye pamene matchona ambiri amayambira: si onse amene adaiwala kwao, ena njira yobwerera idawatsekekera.

Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2241, amagwira mbali ziwiri pamodzi. Amaphunzitsa kuti maiko olemera ali ndi udindo wolandira, monga angathere, mlendo amene akufuna chitetezo ndi njira yopezera zofunika pa moyo zimene kwao sakuzipeza. Amaphunzitsanso kuti boma lili ndi ufulu woika malamulo a kalowedwe, ndipo mlendo ayenera kumvera malamulo a dziko lomulandira. Motero Mkhristu sanganene kuti lamulo la masiku 30 ndi lachabe, komanso sanganene kuti munthu wothawa umphawi wasanduka chigawenga chosayenera pemphero.

Malembo Oyera ali ndi chitsanzo chothandiza pa Yakobe. Iye adachoka kwao atanamiza bambo wake Isaki ndi kulanda madalitso a Esau, choncho sadali munthu wa mbiri yoyera. Atafika ku Betele, monga mutu 28 wa buku la Genesis ukusimbira, adatchula zinthu zitatu pamaso pa Mulungu: kusungidwa pa ulendo, chakudya ndi chovala, ndiponso kubwerera mwamtendere kunyumba kwa bambo wake. Mulungu sadadikire kuti Yakobe ayambe wakonza zonse asanamuperekeze. Koma sadamusiyenso mmene adaliri, pakuti ulendowo udathera pa kukumana ndi Esau ndi kuyanjana naye. Pemphero la banja lingakhale lolungama ngati likutsata njira imeneyi: kupempha kuti moyo wa munthuyo usungidwe lero, ndi kuti pakutha pake adzakhale poyera, wosabisala.

Chitetezo chimene mlendo amachisowa ndi chachikulu kuposa kusaonedwa ndi apolisi. Mu Meyi 2008 anthu oposa 60 adaphedwa pa ziwawa zolimbana ndi alendo m'dzikomo, ndipo mu Epulo 2015 boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake ziwawa zitabukanso ku Durban. Kupempha kuti munthu apulumuke ku zotere sikutsutsana ndi lamulo lililonse. Palinso zoopsa za mumtima: mowa, kusungulumwa, banja lachiwiri, ndi ziphuphu zimene ena amapereka kuti pasipoti idindidwe mwachinyengo. Banja limene limapempha chitetezo kwinaku likulimbikitsa chidindo chabodza likupempha Mulungu kuti adalitse bodza, ndipo pamenepo pemphero lasokera.

Nanga ntchito yokhazikika? Yakobe adagwira kwa Labani zaka 20, ntchito yokhazikikadi, koma malipiro ake adasinthidwa kakhumi. Kukhalitsa pa ntchito pakokha si dalitso. Wolemba ntchito amene akudziwa kuti wantchito wake alibe mapepala angathe kumusunga zaka zambiri chifukwa choti ndi wotchipa ndipo sangadandaule. Chizindikiro chake chimaoneka msanga: malipiro ochedwa, pasipoti yolandidwa kuti "isungidwe", ndi kuopsezedwa ndi apolisi tsiku lolandira likafika. Buku la Deuteronomo, mutu 24, limalamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo, ndipo limatchula mlendo pamodzi ndi mbadwa. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya 1981 yokamba za ntchito, adati mlendo asalandire zochepa chifukwa chakuti ndi mlendo. Ngakhale khoti la zantchito ku South Africa lidagamula mu 2008 kuti mlendo wopanda chilolezo amakhalabe wantchito, ndipo angathe kukadandaula ku bungwe la CCMA akachotsedwa mopanda chilungamo. Kudandaulako sikumupatsa mapepala, ndipo ambiri amaopa kudzionetsa, komabe banja liyenera kudziwa kuti chimene likupempha ndi ntchito yolipidwa mwachilungamo.

Chopempha chachitatu cha Yakobe, kubwerera, ndicho chimasowa m'mapemphero ambiri, ndipo ndicho chimakhudza opempha eni ake. Ngati ndalama iliyonse yotumizidwa ithera pa zofuna za tsiku ndi tsiku za abale onse, tsiku lobwerera silidzafika. Mnyamata uja amalipira lendi ya kachipinda, basi ndi chakudya, ndipo mvula ikagwa sabata yathunthu ganyu imaima. Foni iliyonse yochoka kumudzi ikakhala yopempha ndalama basi, iye amayamba kukongola kapena kusiya kuyankha. Banja lopemphera moona limagwirizana naye za cholinga cha ulendo, kaya ndi malata a nyumba, fizi ya ana kapena mpamba wa geni, limasunga mbali ya ndalamazo, ndipo limamuuza kuti adzalandiridwa ngakhale atabwera chimanjamanja. Manyazi obwera wopanda kanthu amasunga anthu kutali monga mmene chiletso cha zaka 5 chimachitira.

Yankho la funso lija ndi lakuti banja lipemphere, ndipo lipemphere mosabisa kanthu kwa Mulungu. Mawu ngati awa angathandize pa pemphero la madzulo:

Ambuye Mulungu, amene mudaperekeza Yakobe kudziko lachilendo, yang'anirani mwana wanu amene ali kutali ndi banja lake. Mutetezeni pamsewu, pantchito ndi pogona, ku nkhanza za anthu ndi ku mayesero a mtima wake. Mupatseni ntchito yosadukiza ndi bwana wolipira mwachilungamo. Mutsegulireni njira yokhala mwalamulo, kapena mphamvu zobwerera nthawi ikakwana. Otsala kumudzi apatseni mtima wosunga thukuta lake ndi womulandira mmene angabwerere. Yosefe woyera, amene mudasamala banja lanu ku Ejipito, mumupempherere. Amen.