Manyazi adapha lambe

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Za m'thumba mwako uzidziwa ndiwe mwini, ndipo palibe mnzako wa kuntchito amene angakuyankhulire. Mawu amenewa ndikuuza ana athu ogwira ntchito kuno ku Ngala, kaya m'sukulu, kuchipatala, m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kapena ku minda ya nzimbe ku Dwangwa. Kuntchito konseko mapepala a msonkhemsonkhe sakutha: lero wina akukwatira, mawa wina wabadwitsa, mkuja abwana akusamuka. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu adakwera, malipiro adatsalira m'mbuyo, koma mapepalawo sadachepe.

Taganizirani mphunzitsi wamkazi wa ku pulayimale. Mwezi ndi wa Juni, mwera wavuta, mabwato agona kumtunda, ndipo amuna ake amene amadalira usipa sakubweretsa kanthu. Kwatsala masiku khumi kuti alandire, m'manja muli K12,000 ya kuchigayo, ndiwo ndi sopo. Kenaka pa gulu la WhatsApp pabwera uthenga: aphunzitsi aakulu akusamuka, aliyense asonkhe K5,000 ya mphatso. Mayiyu akachita manyazi, athamangira kwa wakatapila, amene amupatsa K5,000 kuti pakutha pa mwezi abweze K7,500. Mphatso idzaperekedwa, anthu adzawomba m'manja, koma iye adzalowa mwezi wina ali kale ndi dzenje. Manyazi adapha lambe.

Kukana kwabwino kuli ndi nthawi yake. Kana tsiku lomwelo uthenga wafika, anzako asanawerenge mitu ndi kusankha chogula. Ngati aphunzitsi ali khumi ndi awiri, msungichuma wawerengera kale K60,000, mwina wauza kale wina wopita ku boma ku Nkhotakota kuti akagule ziwiya. Ukanena msanga, iwo achepetsa mphatso popanda wolira. Chimene chimaononga ubale ndi mawu aja akuti "ndiona" kapena "ndilembeni, nditumiza pa Mpamba mawa", pomwe mtima ukudziwa kuti mawalo silidzafika. Msungichuma amatseka dzenjelo ndi ndalama zake, kenaka nkuyamba kukulondola ngati wangongole. Pamenepo ndiye pamabadwa manyazi enieni.

Kukana kulinso ndi malo ake. Usayankhe pa gulu. Mupeze msungichuma ali yekha, muuze kuti: "Amayi, ulendo uno sinditha, mwezi wandithina. Musandiwerengere." Basi. Usayale nkhani ya fizi ya ana ndi ngongole ya ku banki mkhonde, chifukwa ukachulukitsa zifukwa umakhala ngati ukupempha chilolezo, ndipo wina adzayamba kukuwerengera ndalama zako. Usanamenso kuti foni idazima, poti bodza limafuna linzake loliteteza.

Makolo adatinso kukana nsalu ya akulu nkuviika. Wakana ndalama, koma usakane anthu. Pa tsiku lotsanzikana fika, yala mipando, tunga madzi, thandiza kuphika, ndipo mugwire chanza wosamukayo ndi mawu ochokera pansi pa mtima. Ngati kunyumba kuli chinangwa kapena kambale ka mpunga, nako ndi mphatso. Koma usachite zimenezi ngati kulipira mlandu, chifukwa sudalakwe.

Alipo amene andifunse kuti, nanga suja amati kupatsa nkuika? Zoonadi, ndipo mpake kusiyanitsa. Chipepeso cha maliro ndi thandizo la wodwala sizifanana ndi mphatso. Pa zovuta, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pamenepo ngakhale K500 kapena mapazi ako okha afike. Ngati kuntchito kuli thumba la chisamaliro limene mudagwirizana kusonkha mwezi ndi mwezi, limenelo ndi pangano, lisunge, ndipo ukalephera pempha nthawi. Mphatso ya ukwati kapena yotsanzikana ndi yaufulu. Wokana lero adzapereka dzinja likapita, ndipo amene amakana chilichonse chaka chonse, ngakhale zinthu zikumuyendera, ameneyo mawu anga samuteteza.

Inunso osonkhetsa, mtolo wina ndi wanu. Mlonda ndi abwana sangasonkhe mofanana, choncho nenani kuti aliyense apereke zimene angathe. Musaike pa gulu mndandanda wa amene apereka ndi amene sadapereke, ndipo popereka mphatsoyo nenani kuti yachokera kwa tonse. Munthu akakuuzani kuti sakwanitsa, yankho lake ndi lakuti "zikomo potiuza", ndipo nkhaniyo ithere pomwepo.

Ana anga, kusowa ndalama si mlandu. Nenani zoona msanga, nenani mwaulemu, ndipo musakongole kuti mugule mphatso ana anu akugona ndi njala.