Khutu la mwana likatupa kumbuyo, musadikire kuche

Ana anga, inu amene mwangoyamba kumene kulera, khalani pansi mundimvere. Ndalera ana anga, ndalera a abale, tsopano ndikulera zidzukulu, ndipo pa matenda onse a ana alipo amodzi amene ndikufuna kuti muziwazindikira ndi maso anu. Ndi kutupa kowawa kumbuyo kwa khutu, kumene kumabwera mwana atadwala khutu. Kuchipatala amati masitoidaitisi. Dzinalo mukhoza kuliiwala, koma maonekedwe ake musawaiwale.

Gwirani kumbuyo kwa khutu lanu. Mukumva fupa lolimba, lotumphuka pang'ono? Kunja limaoneka ngati mwala, koma mkati mwake muli timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, ndipo timabowoto n'tolumikizana ndi kachipinda kamene kali kuseri kwa nembanemba ya m'khutu. Kachipindako kali ndi kanjira kopita kuseri kwa mphuno. Mwa mwana kanjirako n'kakafupi ndiponso kogona, n'chifukwa chake chimfine sichichedwa kukwera kukhutu, makamaka mwa ana osakwana zaka 2. Tizilombo tikalowa, kachipindako kamadzaza mafinya. Ana ambiri amachira pamenepo. Koma mwa ena mafinya amasowa potulukira, amalowa m'timabowo ta fupa lija, n'kuyamba kudya timakoma take mpaka kuboolera kunsi kwa khungu. Chotupa chimene mukuona kunjacho ndi utsi chabe, moto uli m'fupa.

Ndikuuzeni za mdzukulu wa mchemwali wanga, amene panthawiyo anali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Anayamba ndi chimfine, kenako thupi linatentha, usiku n'kumalira akukoka khutu lakumanja. Mayi ake anagula mankhwala pagolosale, kumumwetsa masiku awiri, thupi litazizira n'kusiya. Tsiku lachinayi khutu linatulutsa mafinya ndipo kulira kunachepa. Onse pakhomo anati wachira. Chimene chinachitika n'chakuti nembanemba inabooka, mafinya ena anapeza njira, ululu n'kutsika, koma matenda anali adakali mkati. Patatha sabata thupi linatenthanso, mwana n'kukana kugonera mbali yakumanja.

Atabwera naye kwa ine, ndinamukhazika pamiyendo ya mayi ake, ine n'kuima kumbuyo kwake kuti ndione makutu onse awiri pamodzi. Lakumanzere linali logona bwino kumutu. Lakumanja linali litakankhidwira kunja ndi kutsogolo, ngati chitseko chosiyidwa chosatseka. Ndinalipinda pang'ono kuti ndione kamzere kamene kamakhala pamene khutu limakumana ndi mutu, ndipo kamzereko kanali katafufutika ndi kutupa. Khungu linali lonyezimira, lotentha kuposa la mbali inayo. Nditangokhudza ndi chala, osadina n'komwe, mwana anakuwa. Ndinauza mayi ake kuti, "Mwanawe, tenga kabuku kake ka kuchipatala, m'bereke tizipita. Nsima tikadya pobwera."

Kayezedwe kake n'komweko, ndipo sikafuna chida chilichonse. Imani kumbuyo, yerekezani makutu awiri, yang'anani kamzere, khudzani fupa. Pa khungu lathu lakudali kufiira sikuoneka msanga, choncho musadikire kuti pafiire. Dalirani kutupa, kutentha ndi kuwawa.

Mudzamva anthu akuti ndi mwanabele, ena akuti ndi matsagwidi. Mwanabele amakhala kakang'ono ngati nyemba, amathawathawa pansi pa chala, kawirikawiri amabwera chifukwa cha zilonda za m'mutu, ndipo sakankha khutu. Matsagwidi amatupitsa kutsogolo ndi kunsi kwa khutu, cha kunsagwada. Kutupa kumene ndikunenaku kumakhala pafupa penipeni, kumbuyo, ndipo sikusuntha. Mukakayika, musaweruze nokha pakhomo, akaweruze adokotala tsiku lomwelo.

N'chifukwa chiyani ndikuti tsiku lomwelo? Chifukwa fupa limeneli ndi mpanda wa pakati pa khutu ndi ubongo, ndipo denga lake n'lopyapyala kwambiri. Mafinya akaboola m'mwamba amafika pa zokuta ubongo, mwana n'kudwala matenda oumitsa khosi, kapena chithupsa n'kumera mu ubongo mwenimwenimo. Akaboola chakumbuyo amapeza mtsempha waukulu wochotsa magazi m'mutu, magazi n'kuundana m'menemo. M'fupa lomwelo mumadutsanso mtsempha woyendetsa nkhope, ndipo ukakhudzidwa pakamwa pamapotoka, diso la mbali imeneyo osatseka. Khutunso likhoza kugontha mpaka kalekale. Zimenezi zimatha kuchitika m'masiku ochepa. Choncho mukaona mwana akusanza chilichonse, akukana kuyamwa, akungogona osadzutsika bwino, khosi lauma, wakomoka, kapena nkhope yapotoka, dziwani kuti matenda apitirira fupa. Pamenepo ngakhale pakati pa usiku dzutsani anansi, pezani njinga kapena galimoto.

Tsopano zimene simuyenera kuchita. Musafinye, musaboole ndi singano kapena lumo, musatemere mphini. Ichi si chithupsa cha pakhungu, ndipo kuchiboola pakhomo kumangowonjezera tizilombo pamene gwero la mafinya lili m'fupa. Musathire m'khutu mafuta, madzi a masamba kapena mkaka wa m'mawere. Musatseke khutu ndi thonje kuti mafinya asaoneke. Ngati akutuluka, pukutani ndi kansalu koyera kofewa. Panado wa ana mukhoza kumupatsa kuti ululu utsike panjira, koma thupi likazizira musabwerere. Pitirizani kumuyamwitsa.

Mukafika pachipatala chaching'ono, musangokhala chete pamzere. Uzani anamwino pomwepo kuti mwana watupa kumbuyo kwa khutu ndipo pakuwawa. M'ndondomeko imene azaumoyo amatsata poyeza ana osakwana zaka 5, chizindikiro chimenechi chili m'gulu la matenda oopsa. Amamubaya jakisoni woyamba wa mankhwala opha tizilombo, kumupatsa oletsa ululu, n'kumutumiza mwachangu kuchipatala chachikulu. Akakulemberani kalata yotero, musapite kaye kunyumba kukadikira bambo kapena amalume, muwaimbire muli panjira.

Mdzukulu wathu uja anagonekedwa, n'kumalandira mankhwala kudzera mumtsempha, chifukwa akumwa okha sakwanira matenda akafika m'fupa. Adokotala amayang'anira masiku awiri oyamba. Kutupa kukapanda kutsika, kapena mafinya akasonkhana kunsi kwa khungu, amachita opaleshoni. Mdzukuluyo anamung'amba pang'ono kumbuyo kwa khutu atamugonetsa, n'kutulutsa mafinyawo. Ena amafunika kupala fupa lodwalalo, ntchito ya akatswiri a khutu, mphuno ndi mmero, monga amene ali ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Musaope mawu akuti opaleshoni, ndipo musathawitse mwana kuchipatala poona kuti wayamba kusewera. Atatuluka tinamaliza mankhwala onse, n'kubwereranso kuti akamuyeze kamvedwe. Lero ali ku sukulu, akumva bwino, changotsala n'chipsera kuseri kwa khutu.

Mmera m'poyamba, ana anga. Khutu la mwana likawawa kapena kutuluka mafinya, pitani nalo kuchipatala lisanafike potupa, ndipo mankhwala amene mwapatsidwa amalizeni masiku onse amene akuuzani. Musadumphe katemera, pakuti wa chibayo, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, amalimbana ndi kachilombo kamene kamadwalitsanso makutu. Ndipo m'masabata otsatira matenda a khutu, pomusambitsa mwana tsiku lililonse, muzipinda khutu n'kuyang'ana kumbuyo. Mukapeza potupa powawa, m'berekeni nthawi yomweyo.