Walira Mvula Walira Matope

Mphunzitsi wina wamasamu adalembera kalata ahedi, kupempha ndalama zogulira mapepala a timabokosi tojambulapo magalafu ndi zida za jiyometire: kampasi, pulotirakita, rula ndi setisikweya.

Adalemba kuti, “Bambo, a Fomu 4 alipo 60, makampasi 12 okha. Ana asanu amalimbirana imodzi, belu n'kulira ena asanajambule bwalo.”

Ahedi adavomera. Koma walira mvula walira matope: wopempha chinthu alandirenso zovuta zake. Kampasi ikakhwepa pamfundo, miyendo imatanuka, bwalo osakumana pomwe lidayambira. Ana ena amasandutsa rula chokwapulira anzawo. Tsopano mphunzitsi uja amawerenga zida pakutha pa phunziro lililonse, sikuludiraiva ili m'thumba.