Za Kukana Chiweruzo cha Amalume m'Kalata

Kodi munthu angalembere amalume ake kalata yokana chimene iwo aweruza, nakhalabe mwana waulemu? Ena ati iyayi, pakuti mawu a akulu akoma akagonera. Ife titi angathe, koma kalata ili ndi zoopsa zake zimene pakamwa palibe.

Tiyese mlandu uwu. Mayi wamwalira, wasiya dimba kudambo. Amalume, ndiwo mwini mbumba, apatsa dimbalo mwana wawo wobala okha, chinkana mwa mwambo wathu wa Achewa nthaka itsata mbumba, ndiyo alongo awo ndi ana a alongowo. Mwana wamwamuna wa malemuyo ali kutali kuntchito, ndipo alongo ake otsala pamudzi aopa kulankhula. Akakhala chete iye, mvula ikakata dimba lilimidwa, ndipo wolima chaka chimodzi sachoka msanga.

Tikumbukire kuti kalata siifika kwa amalume okha. Maso a okalamba akafooka, awerenga ndi mdzukulu wa kusukulu, mokweza, pakhonde, anthu alikumva. Mawu amene tikadanena titakhala pansi, ndi liwu lofatsa, papepala alibe nkhope; mwana awawerenga ouma, ndipo pepala lisungidwa, niliwerengedwanso tsiku la mkwiyo. Mkulu wodzudzulidwa pamaso pa adzukulu sangabwerere m'mbuyo, angakhale aona yekha kuti analakwa. Chifukwa chake ntchito yaikulu ya wolemba ndiyo kuwasiyira amalume njira yosinthira chiweruzo popanda manyazi.

Atatha kupereka moni ndi kuthokoza za maliro amene anayendetsa, wolemba afunse asanatsutse: "Ndamva kuti dimba la amayi lapatsidwa kwa msuweni wanga, kapena ndamva molakwa, mundiwongole." Asatchule womuuza, kuti angayatse moto pa mlongo wake. Pamenepo anene chifukwa chimodzi chokha, kuti alongo ali ndi ana ndipo ndiwo zawo zichokera m'dimbamo. Milandu yakale ya mbuzi ndi nkhokwe aisiye. Potsiriza apemphe chinthu chotheka: kuti dimba lisalimidwe kufikira iye atabwera, mbumba yonse nikhala pamodzi. Kuopseza nazo za kwa anyakwawa m'kalata yoyamba ndiko kutseka khomo, ndipo kunena kuti ndalama sadzatumizanso ndiko kugula chiweruzo.

Koma kulinso kuphonya kwina kumene ife aulemu tigwamo kawirikawiri. Tikulunga mawu m'nsalu zambiri, kufikira amalume pomva kalata ayesa kuti tavomera, nauza mudzi kuti mwana wa ku ntchito wakondwera. Umenewo si ulemu, ndi chinyengo chofatsa, ndipo tikadzafika ndi kukana pakamwa aoneka onama ndi iwo. Pakhale mzere umodzi wosabisika, wakuti, "Amalume, mtima wanga sunavomere." Wolemba aliwerenge pepala mokweza asanamate envelopu, monga adzaliwerengera mdzukulu uja, namve ngati mzerewo umveka, ndiponso ngati pali liwu limene sakadalinena atagwada pamaso pawo.