Mawu oyamba kwa m'bale wochokera ku Joni

Basi yochokera ku Johannesburg imafika pa Wenela ku Blantyre itayenda usana ndi usiku, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Pakati pa anthu otsika pali bambo wina amene adachoka ku Ndirande zaka 11 zapitazo. Zaka zinayi zoyambirira ankatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Kenaka ntchito idatha, mapepala okhalira m'dzikomo nawo adatha, ndipo foni yake idasiya kupezeka. Mayi ake adamwalira iye kulibe. Mlongo wake ndiye adadwazika matendawo, ndipo bokosi adaligula ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Lero bamboyo watsika ndi chikwama chimodzi chokha, ndipo mlongoyo waima pafupi ndi basi. Kodi ayambe ndi mawu otani?

Funsoli ndi lovuta chifukwa mumtima mwa mlongoyo muli zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi zoona. Ali ndi chimwemwe chakuti mwana wa mayi ake wabwera wamoyo, pamene ena amabwera m'bokosi. Alinso ndi mkwiyo wa zaka zisanu ndi ziwiri zimene adasenza yekha mtolo wa pakhomo. Ena anganene kuti kumlandira ndi nsangala ndi chinyengo, popeza munthu woona ayenera kunena zakukhosi. Ena anganene kuti zakale zapita, aiwale basi. Maganizo onse awiriwa ali ndi vuto.

Mwambo wa malonje umathandiza pamenepa, chifukwa uli ndi dongosolo lake. Munthu akafika, amayamba kumlandira katundu, kumpatsa pokhala ndi madzi akumwa. Kenaka a pakhomo amampatsa moni mmodzimmodzi. Akapuma, amamfunsa kuti, "Mwayenda bwanji? Nanga kumene mwachokera mwawasiya bwanji?" Iye amafotokoza za ulendo wake popanda womdula pakamwa. Akatha, a pakhomo nawo amafotokoza mmene atsalira, za matenda, maliro, maukwati ndi ana amene abadwa. Nkhani zolemera zili ndi malo ake m'dongosololi, koma malowo si pakhomo pa basi. Munthu amayamba wakhala pansi, wadya, wadziwa kuti pano ndi kwawo.

Choncho mlongoyo akanena kuti, "Takulandirani achimwene, mwafika kwanu. Bweretsani chikwamacho ndikunyamulireni," sananame. Mawuwa sakunena kuti palibe chidalakwika. Akungonena kuti munthuyu akadali wa pakhomopo, ndipo zimenezo ndi zoona kaya adatumiza ndalama kaya sadatumize. Akulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Bodza lingayambe pamene mlongoyo anganene kuti, "Palibe kanthu, zonse tidaiwala," pamene ngongole ya bokosi akuibwezabe. Kukhululuka kwa pakamwa kotere sikukhalitsa. Pakatha milungu iwiri mkwiyo umatulukira pa zinthu zing'onozing'ono, monga sopo watha msanga kapena wina wadya ndiwo zambiri.

Pali mafunso atatu amene amamveka ngati nthabwala koma amabaya. Loyamba ndi lakuti, "Mwatibweretsera chiyani?" Funsoli ndi lakale. M'masiku a Wenela ndi Teba, amuna ochokera ku migodi ankabwera ndi njinga, wailesi, mabulangeti ndi suti, ndipo mudzi udazolowera kuona katundu usanaone munthu. Lero ambiri a ku Joni amagwira ntchito za m'minda ya maluwa, m'nyumba za anthu ndi m'masitolo, ndipo ena adabwerako chothawa pa zipolowe zolimbana ndi anthu obwera, monga za 2008 ndi 2015. Munthu wa chikwama chimodzi akamva funsoli, amamva kuti mtengo wake ndi wa zimene zili m'chikwamamo. Manyazi omwewa ndi amene amachititsa ena kutchona, kuopa kufika chimanjamanja. Lachiwiri ndi lakuti, "Mubwerera liti?" Limeneli limamsandutsa mlendo pakhomo pa mayi ake. Lachitatu ndi lakuti, "Mwatikumbuka lero?" Limeneli ndi mlandu wovala chovala cha moni, ndipo munthu sangaliyankhe popanda kudziteteza kapena kunama.

Mawu ofunda amadziwika ndi chinthu chimodzi: amatchula zimene zili za munthuyo yekha. "Takulandirani" amauzidwa aliyense, ngakhale wogula m'sitolo. Koma mlongoyo akati, "Mtengo wa mapeyala umene mudadzala uja ukubala," kapena, "Ndaphika chigwada chotendera, paja mumachikonda," mchimwene wakeyo amadziwa kuti malo ake sadafafanizidwe. Ana amene adabadwa iye kulibe aitanidwe ndi kuuzidwa kuti, "Awa ndi amalume anu, apatseni moni." Dzina lachibale likatchulidwa pamaso pa ana, munthu amabwezeredwa udindo wake. Dzina lakuti mtchona, ngakhale litchulidwe moseka, limamchotsera udindowo.

Nkhani ya maliro isachedwe kwambiri. Madzulo a tsiku lomwelo, kapena m'mawa mwake, mlongoyo akhale naye pansi ndi kumfotokozera bwinobwino mmene mayi adadwalira, tsiku limene adatsikira kuli chete, ndi kumene adaikidwa. Ngati mayiwo ankamfunsa, amuuze, koma asawonjezere mawu amene malemuwo sadanene pofuna kumtonthoza kapena kumlasa. Amuuze kuti pepani, pakuti nayenso ndi namfedwa, ngakhale akulira mochedwa. Pambuyo pake amperekeze kumanda. Munthu amene sadaone manda a mayi ake amakhala ngati sanafike.

Za ngongole ndi za zaka zimene adakhala chete zibwere pakapita masiku angapo, pamalo pa anthu awiri kapena pamaso pa malume, osati pa gulu. Mlongoyo anganene kuti, "Achimwene, nthawi ya matenda ndidakusowani, ndipo zidandiwawa. Ndikufuna ndimve chimene chidachitika." Mawuwa ndi olimba, koma akusiya mpata wa yankho. Mwina adzamva kuti munthuyo adatsekeredwa chifukwa cha mapepala, kapena adadwala, kapena adangochita manyazi. Mwinanso adzamva kuti adangotayirira. Pamenepo m'pamene kupepesa ndi kukhululuka kungakhale kwenikweni, chifukwa onse awiri akudziwa chimene chikukhululukidwa.

Ambiri akamva nkhani yotere amakumbuka fanizo la mwana wolowerera pa Luka 15, mmene bambo adathamangira mwana wake asanamve n'komwe kupepesa kwake. Dongosolo lake ndi lomweli: kulandira kumatsogola. Koma fanizoli lisagwiritsidwe ntchito mosasamala. Ambiri opita ku Joni sadapite kukamwaza chuma. Adapita kukafunira ana fizi. Kumtcha munthu wotere mwana wolowerera pa moni ndi kumweruza mlandu usanamveke. Ndiponso m'fanizomo bambo adatuluka kukalankhula ndi mwana wamkulu amene adakwiya. Mlongo amene adatsala ndi odwala nayenso ayenera kumva mawu ofunda. Wobwerayo ali ndi ngongole yake ya mawu, ndipo yoyamba ndi yakuti, "Achemwali, zikomo posamala mayi."

Pa Wenela paja, kondakitala akutsitsa katundu wa ena, mafiriji ndi matumba akuluakulu. Bamboyo wagwira chikwama chake ndi manja awiri, maso ali pansi. Mlongo wake akumyandikira, akumlanda chikwamacho, nati, "Achimwene, takulandirani. Tiyeni kunyumba, madzi osamba ali pamoto."